Mlandu wa mbuzi ndi nkhani yojambulidwa pafoni

Ndili mwana, malume anga anali nduna ya mfumu kumudzi kwathu, ndipo tsiku la milandu ankanditenga kuti ndiwanyamulire mpando. Bwalo linali pansi pa mkuyu. M'chilimwe milandu yambiri inali ya mbuzi, chifukwa anthu akakolola amazimasula kuti zizidzidyera zokha, pamene chobiriwira chokhacho chotsala m'mudzi ndi madimba a kudambo.

Tsiku lina bambo wina anaimirira, n'kuvula chipewa, nati: "Zikomo mfumu, mbuzi za mnzangayu zandidyera chimanga cha kudimba." Malume sanatsutse ndipo sanavomere. Anangofunsa kuti, "Tamva. Nanga anaziona ndani?" Bamboyo anaitana mnyamata wina woweta ng'ombe, ndipo mnyamatayo anati: "Ndinaona mbuzi zitatu zikutuluka pampanda wa dimbalo dzuwa litapendeka. Imodzi inali yoyera, yothyoka nyanga." Atakhala pansi, mwini dimba uja anaimiriranso. "Mfumu, mbuzi yoyera yothyoka nyanga m'mudzi muno ilimo imodzi yokha, ndipo khola lake tonse tikulidziwa." Mlandu unathera pamenepo.

Bamboyo anayankhula kawiri, mboni kamodzi. Poyamba ananena mlandu wake, kenako anapatsa mboni mpata kuti inene ndi pakamwa pake, pomaliza anamanga mfundo pakati pa mawu a mboni ndi mlandu wake. Zaka zonse zimene ndakhala ndikuphunzitsa Chichewa kusekondale sindinapeze njira ina yoposa imeneyi yofotokozera ana mmene amayankhira funso la kumvetsa nkhani, makamaka funso lija limathera ndi mawu akuti perekani umboni wochokera m'nkhaniyi. Yankho lako ndiwo mlandu wako. Mawu amene watenga m'nkhani ndiwo mboni. Mphunzitsi wochonga ndiye mfumu, ndipo mfumu sinali kudimba. Imagamula ndi zimene zanenedwa pabwalo basi.

Masiku ano pali china chimene malume sanakumane nacho. Mboni yathu nthawi zambiri imafika pabwalo kudzera pafoni. Buku limodzi amagawana ana angapo, kuchulukitsa mapepala kumafuna ndalama, ndiye wina amajambula tsamba n'kutumizira anzake pa WhatsApp. Zimathandiza kwambiri, ndipo ine sindiziletsa. Koma mboni yoyenda ulendo wotere imatha kufika itavulala, ndipo mwana amene sanaphunzire kuiyang'ana isanayankhule amagwa nayo mlandu iye ali wolungama.

Ndinaziona bwino chaka china ndi ana a Fomu 2 amene ankakonzekera mayeso a JCE. Ndinawalembera kankhani kakafupi, n'kukhoma pepala lake limodzi pabolodi la zidziwitso Lachisanu kuti akayankhire kunyumba. Kuuma kwa nyanja ya Chilwa mu 1995 n'zoona. Mayi wa m'nkhaniyo ndinachita kumupeka. Nayi nkhaniyo, mzere ndi mzere monga inalili papepala. Manambala ndaikapo tsopano, papepalapo panalibe.

1. Chaka cha 1995 nyanja ya Chilwa inauma. Pamene kale ankaponya
2. makoka, anthu anayamba kuyenda pansi kupita kuchilumba cha Chisi.
3. Mayi wina wa ku Kachulu, amene ankagula matemba kwa asodzi
4. n'kukagulitsa ku Zomba, anatsala manja ali m'khosi. Anzake ambiri
5. anagulitsa malichero ndi madengu awo n'kusamukira ku Malombe.
6. Iye anakana. Anauza mlamu wake kuti ngakhale njala ivute bwanji,
7. sadzagulitsa bwato limene mwamuna wake anamusiyira. M'malo mwake
8. anayamba kuumba mbaula zadothi, ndipo Loweruka lililonse
9. ankapita kukapaka phula bwatolo pamene linagona pamatope ouma.
10. Anthu ankamuseka. Koma mvula itagwa yambiri, madzi n'kubwerera,
11. omwe ankasekawo ndiwo anayamba kufika pakhomo pake m'mamawa,
12. zipewa zili m'manja.

Mafunso anali anayi. Loyamba: mayiyo ankagwira ntchito yanji nyanja isanaume? Lachiwiri: anaganiza zotani za bwato lija? Perekani umboni wochokera m'nkhaniyi. Lachitatu: n'chiyani chikusonyeza kuti mayiyo ankakhulupirira kuti madzi adzabwerera? Lachinayi: mawu akuti "zipewa zili m'manja" akutiuza chiyani za anthu amene ankamuseka aja?

Mtsikana wina wakhama kwambiri, amene Lachisanulo anadwala, analandira nkhaniyi pafoni ya achimwene ake. Pafunso lachiwiri analemba kuti: Mayiyo anaganiza zogulitsa bwato chifukwa cha njala, pakuti nkhaniyi ikuti "adzagulitsa bwato limene mwamuna wake anamusiyira." Ndinathetha yankholo. Lolemba masana anandipeza ndikutuluka, maso ali ofiira, achimwene ake ataima chapatali ndi foni. "Aphunzitsi, koma ine ndinatenga mawu a m'nkhani monga munatiuzira." Anandionetsa chithunzicho, ndipo sankanama. Wojambula anaima chammbali, mphepete ya kumanzere ya pepala inadulidwa pang'ono, ndipo chilembo choyamba cha mizere ya m'munsi chinatsala kunja. Mzere wachisanu ndi chiwiri unayamba ndi "adzagulitsa".

Chichewa chathu chili ndi msampha wakewake pamenepa, ndipo ndikufuna kholo lililonse ndi mwana aliyense audziwe. Kukana kwa mneni kumakhala kutsogolo kwenikweni kwa liwu, ndipo nthawi zina kumapachikika pa chilembo chimodzi chokha. Chotsani s pa "sadzabwera", mutsala ndi "adzabwera", liwu labwinobwino lopanda chipsera. "Sakufuna" asanduka "akufuna". Palibe chokuchenjezani. M'nthawi yapitayo zinthu zimakhalako bwino, chifukwa "sanapite" akadulidwa amatsala "anapite", ndipo khutu la Mchewa aliyense limakana liwu lotero. E wa kumapetoyo ndiye phazi la mbuzi lotsala pamatope, lokuuzani kuti pano panadutsa china. Koma za m'tsogolo ndi za tsopano zimatembenuka mwakachetechete, ngati mboni imene yafika pabwalo n'kunena zosiyana ndi zimene inaona, nkhope ili gwa.

Ndiye ntchito yoyamba si kuwerenga mafunso. Ndi kuyang'ana mboni ngati yafika yathunthu. Ndinamuuza mtsikanayo kuti asawerenge nkhani, angotsitsa chala m'mphepete mwa kumanzere kuchokera pamwamba mpaka pansi, akutchula liwu loyamba la mzere uliwonse. Anayamba bwino, koma pofika pa mzere wachisanu anawerenga "nagulitsa", pa wachisanu ndi chitatu "nayamba", pa wachisanu ndi chinayi "nkapita", pa wakhumi "nthu". Anaima yekha. Pamene ankawerenga nkhani yonse kunyumba, maso ake ankabwezeretsa zilembo zosowazo osamuuza, chifukwa maso a munthu wodziwa chiyankhulo amatero. Anabwezeretsa paliponse pamene liwu linkaoneka lolumala, koma pamene linatsala looneka lamoyo anadutsapo. Mizere inayi ikataya chilembo choyamba, wachisanu womwe uli pakati pawo suyenera kukhulupiriridwa msanga.

Palinso njira yachiwiri yogwirira vuto lomweli, ndipo iyi ndi ya pabwalo yeniyeni. Malume ankati mboni imodzi ikasemphana ndi anzake onse, usathamangire kugamula, ifunsenso. Taonani mboni zina za m'nkhani muja. Mzere wachisanu ndi chimodzi ukuti anzake atagulitsa zawo, "Iye anakana." Mzere womwewo uli ndi "ngakhale njala ivute bwanji", ndipo munthu sanena kuti ngakhale njala ivute bwanji ndidzagulitsa, amene wanena "ngakhale" akukonzekera kukana. Kutsogolo kuli "M'malo mwake", kusonyeza kuti china chakanidwa ndipo china chalowa m'malo. Pomaliza mayiyo akupita Loweruka lililonse kukapaka phula bwato lomwelo. Mboni zinayi zikuloza kumodzi, imodzi yokha ikuloza kwina, ndipo imodziyo yaima pamphepete penipeni pa chithunzi. Mwana wozolowera kufunsa ngati umboni wake ukugwirizana ndi nkhani yonse akanaukayikira mzerewo ngakhale asanaone kuti pepala ladulidwa.

Za kajambulidwe sindichulutsa, chifukwa n'zosavuta. Ngodya zonse zinayi za tsamba zioneke pachithunzi. Foni igone mofanana ndi pepala, osati chopendeka, chifukwa ikapendeka mizere ya kutali imachepa n'kuchita chimbuuzi. Jambulani pamthunzi wowala, pakhonde masana, osati ndi kuwala kwa foni kumene kumasiya banga loyera pakati pa tsamba. Ngati ndi buku, likanikizeni pamsana, poti zilembo za pafupi ndi msoko zimamira m'khwawa muja. Nkhani ikakhala pamasamba awiri kapena pazithunzi ziwiri, mzere womaliza wa chithunzi choyamba uonekenso pamwamba pa chachiwiri, kuti wolandira atsimikize kuti palibe chagwera pakati. Ndipo WhatsApp imapanikiza zithunzi kuti zisadye bandulo yambiri, zilembo zing'onozing'ono n'kuyamba kumatana. Mukatumiza posankha HD, kapena ngati Document, zimafika zooneka bwino, ngakhale kuti mulipira ndi bandulo yochulukirapo. Wolandira akakayikira, apemphe kuti amujambulirenso. Kutero kumatenga mphindi imodzi.

Mukakhutira kuti tsamba ndi lathunthu, werengani mizere ndi kuipatsa manambala monga ikuonekera pachithunzipo. Ana ambiri amakopera nkhani m'kope kaye, zomwe n'zabwino popeza foni ndi ya eni ake ndipo batire silichedwa kutha. Koma m'kope mizere imaduka malo ena, ndiye "mzere 7" wa m'kope mwanu si mzere 7 wa papepala la mphunzitsi. Pokopera, dulani mzere pamene pepala laudula, kapena tchulani ndime m'malo mwa mzere. Kutchula malo kuli ngati kuuza mfumu mudzi umene mboni yachokera: aliyense wokayika angathe kupita kukaifunsa yekha.

Tsopano tibwerere kubwalo, chifukwa ngakhale ana amene anali ndi chithunzi chabwino anagwa m'njira zawo.

Funso loyamba silinkafuna mboni. Linali la malikisi amodzi, ndipo yankho ndi lakuti ankagula matemba kwa asodzi n'kukagulitsa ku Zomba. Mlandu wotere ndi uja aliyense akuvomereza. Sufuna kuitanitsa anthu. Koma anyamata angapo anakopera kuyambira mzere woyamba mpaka wachisanu, ndi chiyembekezo chakuti yankho lili penapake m'menemo ndipo ine ndilitola. Ndimawamvetsa, chifukwa mantha ndiwo amachititsa. Komabe taganizani munthu amene wafunsidwa kuti anaona mbuzi ndani, iye n'kubwera ndi mudzi wonse, akulu ndi ana, nati mfumu funsani nokha, wina mwa amenewa anaona. Mfumu siichita ntchito imeneyo. Funso la kumvetsa nkhani limayesa ngati ungathe kuloza, ndipo wokopera ndime yonse wasonyeza kuti sanathe kuloza. Mawu otengedwa m'nkhani akhale afupi, okwanira kunyamula mfundo basi. Kawirikawiri sadutsa mzere umodzi kapena iwiri.

Pafunso lachiwiri ena anafupikitsa mopitirira. Analemba kuti umboni ndi wakuti "Iye anakana." Mawuwa ali m'nkhani ndithu, koma paokha ndi mboni imene yaimirira n'kunena kuti ameneyo ndiye, popanda kuloza munthu. Iye ndani? Anakana chiyani? Ukayang'ana bwino, "anakana" akuyang'ana kumbuyo, kwa anzake amene anagulitsa madengu n'kusamuka. Za bwato zikubwera m'chiganizo chotsatira. Mlowam'malo ngati "iye", "iwo" kapena "zimenezi" akakhala m'mawu amene mwatenga, muyenera kunena m'mawu anu amene akuimiridwa, apo ayi sankhani mzere umene ukutchula chinthucho ndi dzina. Yankho labwino la funsoli ndi lotere:

Mayiyo anatsimikiza mtima kusunga bwatolo. Anauza mlamu wake kuti "ngakhale njala ivute bwanji, sadzagulitsa bwato" (mizere 6 ndi 7), kusonyeza kuti ngakhale umphawi sukanamusintha maganizo.

Muli zonse zitatu za bambo wa dimba uja: mlandu, mboni, ndi mfundo yomanga ziwirizo. Taonaninso kuti mawu otengedwawo alowa m'chiganizo cha woyankha ngati madzi olowa m'ngalande, osati kuima paokha pansi ngati chikwangwani.

Mitengero, tizizindikiro tiwiri tija timatsekula ndi kutseka mawu a mwini, ndi lumbiro. Mukaiika mukulonjeza kuti zili m'katimo ndi zimene pepala lanena, chilembo ndi chilembo. Mwana wina analemba m'mitengero kuti "sanagulitse bwato la mwamuna wake". Tanthauzo lili pafupi, koma nkhani sinatero. Ameneyo wanong'oneza mboni zoti ikanene, ndipo pabwalo munthu wotero mlandu umamutembenukira. Kusiyanako si kwa zilembo zokha. "Sadzagulitsa" ndi lonjezo la mayiyo kwa mlamu wake, pamene "sanagulitse" ndi chinthu chochitika kale. Nkhani sinanene paliponse mwachindunji kuti sanagulitse. Timadziwa zimenezo poona kuti ankapitabe kukapaka phula. Ngati mukufuna kunena m'mawu anu, nenani momasuka, koma mitengero muisiye. Ngati mukufuna kudumpha mawu a pakati kuti mufupikitse, ikani timadontho titatu pamene mwadumphapo, ndipo musadumphe liwu lonyamula tanthauzo monga "koma", "ngakhale" kapena kukana kwa mneni.

Apa ndi pamene chithunzi chimabweretsanso yesero lina. Liwu likakhala losaoneka bwino, pamene kuwala kwagwera kapena chala cha wojambula chaphimba, mtima umafuna kulilota n'kuliika m'mitengero. Musatero. Funani mzere wina wooneka bwino umene ukunena mfundo yomweyo, popeza nkhani yolembedwa bwino siikhala ndi mboni imodzi. Ukasowa, lembani zimene mukuona, siyani mpata pamene simukuona, ndipo muuzeni mphunzitsi m'mphepete kuti liwu ili silinaoneke pachithunzi. Ine mwana wotero ndimamulemekeza kuposa amene walota n'kulondola.

Funso lachitatu ndilo ndimalikonda, chifukwa nkhani sinanene paliponse kuti mayiyo ankakhulupirira kuti madzi adzabwerera. Palibe mzere umene mungaukopere n'kupuma. Muyenera kuchita zimene anachita bambo uja ndi nyanga yothyoka. Mnyamata woweta ng'ombe sanatchule mwini mbuzi. Anangonena zimene anaona, ndipo wodandaula ndiye anafotokoza tanthauzo lake. M'nkhani yathu nyanga yothyoka ndi phula. Ana ambiri anaupeza mzerewo, n'kuukopera, n'kulekera pomwepo. Anabweretsa mboni yoyenera koma iwo eni anakhala chete, ngati kuti mfumu idzimangira yokha mfundo. Anapeza theka la malikisi. Amene anapeza onse analemba chonchi:

Chikusonyeza ndi chakuti ankasamalirabe bwato nyanja ili youma. Nkhani ikuti "Loweruka lililonse ankapita kukapaka phula bwatolo" (mizere 8 ndi 9). Phula amapaka kuti madzi asalowe m'bwato, choncho munthu sangataye nthawi ndi ndalama zake kulipaka ngati sakuyembekeza kuti lidzayandamanso.

Chiganizo chomalizacho ndicho chimasiyanitsa wowerenga ndi wokopera. Mayeso ake ndi osavuta: mukamaliza kulemba mawu otengedwa, dzifunseni kuti "ndiye kuti chiyani?" Ngati pepala lanu silinayankhe funso limenelo, simunamalize.

Pafunso lomweli mnyamata wina wochokera kufupi ndi nyanjayo anandipatsa yankho limene linandivuta mtima. Analemba kuti mayiyo ankadziwa kuti madzi adzabwerera chifukwa Chilwa ndi nyanja yosaya, yopanda mtsinje wotulukamo, imene inaumanso mu 1968 n'kudzadzanso, ndipo akuluakulu a kumeneko amadziwa khalidwe lake. Zonsezi n'zoona. Ankaidziwa nyanjayo kuposa ine. Koma palibe chimodzi mwa zimenezi chili m'mizere khumi ndi iwiri ija, ndipo funso linati n'chiyani chikusonyeza, kutanthauza m'nkhanimo. Apa ndi pamene fanizo langa la bwalo limaperewera, ndipo ndiyenera kuvomereza. Kumudzi mfumu imadziwa anthu ake. Imadziwa amene mbuzi zake zinavutanso chaka chatha, ndipo zimenezo zimalowa m'chigamulo. Bwalo la kumvetsa nkhani ndi louma mtima kuposa pamenepo. Mpanda wake ndi mphepete za pepala, ndipo mboni yochokera kunja kwa mpandawo, ngakhale ikhale yoona chotani, siiloledwa kuyankhula. Ndinamuuza mnyamatayo kuti zimene akudziwazo azisunge, adzazigwiritsa ntchito pa chimangirizo ndi pa phunziro la Jogalafe, ndipo zimuthandize kumvetsa msanga chifukwa chake phula lili lofunika. Koma cholembedwa pansi chichokere m'nkhani.

Wina angafunse kuti, nanga zakuti phula limatseka madzi, si za kunja kwa pepala nazonso? Funsolo ndi labwino. Kusiyana kwake n'kwakuti woyankha woyamba uja anagwiritsa ntchito zimene akudziwa pomasulira mawu amene ali m'nkhani, pamene mnyamatayu anazigwiritsa ntchito m'malo mwa mawu a m'nkhani. Nzeru za kumudzi ndi womasulira wa mboni, si mboni.

Funso lachinayi lili ndi mawu otengedwa kale, ndiye kuwabwereza sikupindula kanthu. Chofunika ndi kumasulira, ndi kudziwa polekezera. Mwamuna amavula chipewa pamaso pa munthu amene akumulemekeza kapena amene akufuna kumupempha kanthu, monga anachitira bambo wa dimba pamaso pa mfumu. Choncho anthu aja anabwera modzichepetsa, kunyoza kuja kutatha. Mpaka apa mboni ikuvomereza. Anadzapempha chiyani? Nkhani sinanene. Koma ikuti anayamba kufika "madzi n'kubwerera", ndipo ankafika "m'mamawa", ndipo chinthu chokha cha panyanja chimene tauzidwa kuti mayiyo anasunga ndi bwato. Ndiye mungalembe kuti zikuoneka kuti ankadzapempha bwato, ndipo mawu akuti "zikuoneka kuti" ndi oona mtima, chifukwa akuuza wochonga kuti apa mukuyenda ndi mapazi a mbuzi, simunaione ndi maso. Amene analemba kuti anadzapepesa ndinawapatsa malikisi, popeza zipewa m'manja zingathe kunyamula zimenezo. Koma wina analemba kuti amuna ankadzafunsira mayiyo ukwati poti anali wamasiye ndipo tsopano walemera. Pamenepo mboni yasenzetsedwa katundu amene si wake. Za ukwati mulibe, za kulemera mulibe. Ngakhale umasiyewo, nkhani yangoti bwato "limene mwamuna wake anamusiyira". Ambiri timamva kuti bamboyo anamwalira, ndipo mwina n'zoona, koma akanathanso kukhala kuti anapita ku Joni. Pa mfundo imene pepala langoikhudza, musamangepo nyumba.

Mawu a funso ndiwo amakuuzani ngati mboni ikufunika. Likati perekani umboni, kapena tchulani mawu a m'nkhani osonyeza zakuti, mitengero iyenera kuoneka. Likati pezani liwu limodzi lotanthauza chakuti, perekani liwu limodzilo, osati chiganizo chonse chimene likukhalamo. Likati fotokozani m'mawu anuanu, mboni itsale kunyumba, chifukwa wofunsa akufuna kumva ngati mungathe kunena nokha, ndipo kukopera pamenepo kumataya malikisi. Nambala ya malikisi m'mphepete imathandizanso kuyeza: funso la malikisi amodzi silifuna ndime, ndipo la atatu silikhutira ndi liwu limodzi. Zonsezi n'chimodzimodzi pa nkhani ya Chingerezi. Ndipo m'chipinda cha mayeso a MANEB, m'mene foni siiloledwa ndipo pepala limabwera lathunthu, chizolowezi chofunsa ngati mzere uwu ukugwirizana ndi anzake chimagwirabe ntchito, chifukwa maso othamanga amadumpha s ngakhale iye alipo.

Mtsikana uja ndinamutengera pabolodi la zidziwitso, pamene pepala linali likadali chikhomere. Achimwene ake anajambulanso, ulendo uno ataima kutsogolo kwenikweni, ngodya zonse zinayi zikuoneka. Iye anaika chala pa mzere wachisanu ndi chiwiri n'kuwerenga mokweza, "sadzagulitsa", kenako anakhala chete kanthawi.

"Aphunzitsi, ndiye kuti funso lachitatu ndinalakwanso. Ndinalemba kuti ankapaka phula kuti bwato likagulidwe pamtengo wabwino."

"Unalemba zogwirizana ndi zimene unaona, mwanawe. Tenga kope lako, ukayankhenso onse awiri, ubwere nalo mawa."

Anabwera nalo m'mawa ndisanalowe m'kalasi. Nkhani yonse anaikopera mzere ndi mzere, manambala ali kumanzere, ndipo pansi pa liwu loyamba la mzere uliwonse anadula kamzere ndi pensulo. Pafunso lachiwiri anawonjezera mboni yachiwiri imene ine sindinaiganizire polemba mayankho anga: anatenga "M'malo mwake anayamba kuumba mbaula zadothi" (mizere 7 ndi 8), n'kulemba kuti mayiyo anafuna njira ina yopezera chakudya kuti asakakamizike kugulitsa bwato. Ndinatenga cholembera chofiira n'kuwonjezera mzerewo papepala langa la mayankho.